Kwacha idagwa ndi 44 kapena 30? Zomwe womasulira nkhani sayenera kutaya akamathamanga

Pa 8 Novembala 2023, banki yaikulu ya dziko lino ya Reserve idalembera mabanki kuti kuyambira tsiku lotsatira, dola imodzi ya ku America izigulitsidwa pa K1,700 m'malo mwa K1,180.29. Chikalatacho chidasainidwa ndi gavanala wa nthawiyo, Wilson Banda, ndipo chidali m'Chingerezi. Monga zikhalira masiku ano, chidayamba kuzungulira m'mafoni anthu asanamve n'komwe pa wailesi. Amene adali pa desiki ya Chichewa usiku umenewo, kaya ku wailesi, ku nyuzipepala kapena pa tsamba la Facebook, adali ndi ntchito yofanana: kuitembenuza nkhaniyi kuti ogulitsa tomato ku Lizulu aimve bwino monga momwe aimvera a ku banki, ndipo kutero buletini isanakwane.

Nkhaniyi ndi yabwino kuphunzirirapo chifukwa misampha yonse ya womasulira wothamanga ili momwemo. Muli nambala yosokoneza, muli mutu wofuna mphamvu, ndipo muli anthu ambiri oyankhulapo omwe mawu awo akhoza kusakanikirana. Maganizo anga ndi akuti pomasulira nkhani mwachangu, ukhoza kusuntha chilichonse, kuphwanya ziganizo, kusintha ndime yoyamba, ngakhale kutaya theka la nkhani. Koma pali zinthu zitatu zomwe ziyenera kuoloka momwe zilili: nambala, yemwe wanena mawu, ndi mulingo womwe wanenera, kaya watsimikiza kapena wangoganizira.

Nthawi ikachepa, dzanja limafuna kuyamba kulemba pa chiganizo choyamba. Apa ndi pomwe nthawi imatayikira. Womasulira chiganizo ndi chiganizo amakafika pa ndime yachisanu n'kupeza kuti munthu amene amamuyesa nduna ndi mneneri wa unduna, ndiye abwerere kukakonza. Ngati muli ndi mphindi 20, zitatu zoyamba ziperekeni ku kuwerenga nkhani yonse manja ali kutali ndi kiyibodi. Mukamawerenga, dulani mzere pansi pa nambala iliyonse, dzina lililonse ndi udindo wake, ndi paliponse pomwe wina akuyankhula. Kenako tembenukirani kumbali, muifotokoze nkhaniyo chamumtima ngati mukuuza munthu wa kunyumba. Chiganizo chomwe chatuluka pamenepo ndicho ndime yanu yoyamba, ndipo kawirikawiri sichifanana ndi cha Chingerezi chija.

Tiyambe ndi nambala. Nyumba zambiri zoulutsa nkhani m'dziko muno zidati kwacha yachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mabungwe ena otola nkhani akunja adati ndi pafupifupi 30 peresenti. Womasulira amene adali ndi nkhani ziwirizi pa sikilini akadatha kuganiza kuti wina walakwitsa, koma onse amawerengera kusintha kumodzi komweko. Pakati pa K1,180.29 ndi K1,700 pali K519.71. Mukaigawa ndi mtengo wakale uja, mupeza 44 peresenti, ndipo uku ndi kukwera kwa mtengo wa dola. Mukaigawa ndi mtengo watsopano, mupeza 30.6 peresenti, ndipo uku ndi kuchepa kwa zomwe kwacha ingagule. Kuti muione bwino, tengani K100,000. Pa mtengo wakale imagula madola pafupifupi 85. Pa mtengo watsopano idayamba kugula pafupifupi 59. Madola 26 omwe asowawo ndi gawo la 30 pa 100 la omwe munali nawo, osati 44.

Tsono onani zomwe Chichewa chimachita. Womasulira akafuna kuthandiza omvera, amaimasula peresenti n'kunena kuti "K44 pa K100 iliyonse". Akalemba kuti kwacha yataya K44 pa K100 iliyonse, wanena chinthu chomwe sichidachitike. Zoona zake n'zakuti katundu wakunja amene amafuna K100 tsopano afuna K144. Cholinga chidali chabwino, koma kumasula nambala usanadziwe kuti ikuwerengedwa kuchokera mbali iti kumakulitsa cholakwika chomwe m'Chingerezi chidali chobisika. Njira yotetezeka, ndiponso yachangu, ndi kuika patsogolo mitengo iwiri ija. K1,180 ndi K1,700 palibe angazitsutse, ndipo munthu amene sadziwa peresenti amamva yekha kuti zinthu zavuta. Peresenti ibwere pambuyo, itamangiriridwa ku chinthu chake: dola yakwera mtengo ndi 44 peresenti.

Mutu wa nkhani

Mutu ndi womaliza kulemba ngakhale ndi woyamba kuwerengedwa. Mutu wa Chingerezi umayendera malamulo ake omwe si a Chichewa. Umaunjika mayina atatu kapena anayi motsatizana, umataya timawu tolumikizira, ndipo zomwe zachitika kale umazinena ngati zikuchitika pompano. Mukautsatira liwu ndi liwu, mayina ounjikidwa aja amafuna "wa", "ya" ndi "cha" kuti agwirane, ndiye mumatuluka ndi chinthu chonga "Kuchepetsedwa kwa mphamvu ya ndalama ya kwacha". Ndi wautali, sukwana pa mzere, ndipo mulibe amene akuchita kanthu. N'chifukwa chake anthu ena amadandaula kuti Chichewa n'chachitali pa mitu. Chimatalika chikamavala mafupa a Chingerezi.

Mphamvu ya Chichewa ili pa mneni. Liwu limodzi ngati "amunjata" lanyamula ochita, wochitiridwa, nthawi ndi ntchito yomwe, ndipo owerenga Tamvani, Tikambe kapena Fuko adazolowera mitu yotere. Choncho funso loyamba pa mutu si lakuti Chingerezi chati chiyani, koma lakuti mneni wa nkhaniyi ndi uti, nanga mwini wake ndani.

Tiyeni tiyese pa nkhani yathu. "Kwacha yagwa" ndi mawu awiri okha, ndipo amagunda. Vuto lake ndi lakuti kugwa kumamveka ngati ngozi, chonsecho apa padali anthu omwe adakhala pansi n'kupanga chiganizo. "Boma lagwetsa kwacha" ali ndi wochita, koma chikalata chomwe chili m'manja mwanu chachokera ku banki yaikulu. Mwina m'mitima ya anthu ambiri boma ndi banki ija n'chimodzimodzi, koma inu mukumasulira chikalata, ndipo ngati mukufuna kulowetsapo boma, pezani amene wanena zimenezo mumutchule. "IMF yagwetsa kwacha" ndi mutu womwe ukadakoka anthu kwambiri, chifukwa patangopita pafupifupi sabata imodzi bungweli lidavomereza ngongole ya ndalama pafupifupi madola 175 miliyoni ku Malawi, ndipo ambiri adalumikiza ziwirizi. Komabe kulumikizako ndi ndemanga, ndipo ndemanga imakhala ndi mwini wake. Simungaiike pamutu ngati chochitika.

Palinso msampha wa mbali inayo. Banki yaikulu sidakonde liwu lolimba. Idasankha lofewa lomwe tanthauzo lake ndi kuwongola mtengo kuti ufanane ndi wa pamsika. Womasulira waulemu kwambiri akhoza kulemba kuti "Banki yaikulu yakonza mtengo wa kwacha", ndipo wowerenga angaganize kuti zinthu zakhala bwino. Liwu lofewa la mwini nkhani limaloledwa m'kati mwa nkhani, pomwe mukunena momveka kuti ndi momwe bankiyo ikuitchulira. Pamutu pakhale chomwe chachitika.

Ine ndikadasankha "Dola yafika pa K1,700" pa foni ndi pa Facebook, pomwe malo ndi ochepa, ndipo m'nyuzipepala "Achepetsa mphamvu ya kwacha: dola tsopano K1,700". Woyambawo ulibe liwu lokometsera ngakhale limodzi, koma munthu wogula mafuta, feteleza kapena mankhwala aima nawo. Mphamvu ya mutu imachokera pa kusankha chinthu chomwe chikukhudza thumba la wowerenga, osati pa kuwonjezera mawu aukali omwe nkhani ya m'munsi singawachirikize. Muyeso wake ndi wosavuta: liwu lililonse la pamutu muzitha kuliloza ndi chala m'ndime ziwiri zoyamba.

Nthawi ya mneni isamaliridwenso. Chingerezi chili ndi kalembedwe ka pamutu kosonyeza kuti chinthu chichitika m'tsogolo, ndipo kusiyana kwake ndi kwa chomwe chachitika kale ndi kaliwu kamodzi kakang'ono. Maso othamanga amakadumpha. Pa 8 paja mtengo udali utalengezedwa chabe, udayamba kugwira ntchito pa 9. Usiku wa pa 8, mutu woona ndi "Dola ifika pa K1,700 mawa". M'mawa mwake ndiye "yafika". Nkhani yomweyo ikakhala ya nyuzipepala yotuluka Loweruka, "lero" ndi "dzulo" onse achoke, mulembe tsiku lenilenilo.

Mwini mawu

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa nambala yolakwika imakonzeka ndi chiganizo chimodzi, koma mawu oikidwa m'kamwa mwa munthu amene sadawanene amamutsatira munthuyo.

Tiyerekeze kuti nkhani ya Chingerezi ija yafunsa anthu awiri: bambo wophunzitsa zachuma ku yunivesite, ndi mayi woitanitsa katundu kunja. Bamboyo akuti chiganizochi chikhoza kuchepetsa malonda a ndalama a mseri. Mayiyo akuti mitengo ikwera sabata yomweyo. Wolemba m'Chingerezi atchula mayina awo kamodzi, kenako azingogwiritsa ntchito timawu tiwiri tolowa m'malo mwa dzina, kena ka mwamuna, kena ka mkazi, ndipo wowerenga sasokonezeka. Chichewa chilibe kusiyanitsa kumeneku. Onse awiri ndi "iye", ndipo mwaulemu onse ndi "iwo". Mukamasulira mokhulupirika liwu ndi liwu, ndime zinayi zotsatizana zithera pa "adatero iwo", ndipo pofika yachitatu palibe akudziwa kuti akuyankhula ndani. Wowerenga amapereka mawuwo kwa munthu amene watchulidwa komalizira. Umu ndi momwe mphunzitsi uja amapezeka akulosera za kukwera kwa mitengo, zomwe sadanene.

Mankhwala ake ndi kubwereza dzina kapena udindo nthawi iliyonse woyankhula akasintha, ngakhale Chingerezi sichidabwereze. Kukhulupirika kwa womasulira apa kuli pa kuwonjezera. Ulemu wathu umabweretsanso vuto lina: "ati" akhoza kukhala munthu mmodzi wolemekezeka kapena gulu. "A bungweli ati" ndi "mkulu wa bungweli wati" si chimodzi, makamaka tsiku lomwe bungwe lidzakane kuti adali maganizo a munthu payekha. Nyuzipepala zambiri zimalemba dzina lopanda "a" n'kumati "wati" kapena "adati", pomwe wailesi zimakonda "a" waulemu. Zonse ndi zabwino, bola mutsate za nyumba yanu kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo musalemekeze mbali imodzi n'kuvula ulemu inayo.

Ndiye pali "akuti". Ndi liwu lothandiza kwambiri m'nkhani za Chichewa, komanso ndi loterera. "Banda akuti mtengo usintha" ali ndi mwini. "Akuti mtengo usintha" ndi mphekesera ya mu minibasi. Womasulira wotopa amayamba ndi dzina, kenako ziganizo zotsatira amangoziyamba ndi "akuti", ndipo chikalata chosainidwa chimayamba kumveka ngati manong'onong'o. Zimachitikanso mosemphana: nkhani ya Chingerezi yanena kuti izi zachokera kwa munthu wa m'kati amene sadafune kutchulidwa, womasulira n'kuona kuti mawuwo akutalikitsa chiganizo, n'kuwataya. Zikatero nyumba yanu ndiyo yasanduka mboni.

Aneni onenera mawu nawonso ali ndi kulemera kosiyana. "Wati" ndi "wanena" sakondera. "Waulula" akutanthauza kuti chinthucho chimabisidwa ndipo n'choona. "Wavomera" akutanthauza kuti panali mlandu. "Watsindika" ndi "wadzudzula" akufotokoza mtima wa woyankhula. Kusukulu tidaphunzira kupewa kubwereza liwu limodzi, ndiye dzanja limafuna kusinthasintha, koma m'nkhani "adati" kasanu ndi wabwino kuposa "adaulula" mmodzi wosayenera. Chimodzimodzi timawu ta chikaiko. Mphunzitsi wathu uja wati chiganizochi "chikhoza" kuchepetsa malonda a mseri. "Chikhoza", "mwina", "akuyembekezera", "akuganiziridwa" ndi timawu toyamba kugwa nthawi ikathina, ndipo tikagwa, munthu wosamala amasanduka wolonjeza. M'nkhani za kupolisi ndi kukhothi ndiye n'zoopsa zedi, chifukwa woganiziridwa, woimbidwa mlandu ndi wopezeka wolakwa ndi anthu atatu osiyana pamaso pa lamulo, ndipo mutu woti "Wakuba agwidwa" waweruza kale mlandu womwe sudalowe m'khothi.

Tifike pa mitengero. Kuika mawu m'mitengero kuli ngati kudinditsa munthu chala: mukuuza owerenga kuti izi zidatuluka pakamwa pake. Mawu omasuliridwa sangakhale ndendende, ndipo owerenga amadziwa kuti gavanala adalemba m'Chingerezi. Chomwe amayembekezera ndi chakuti simudawonjezere, simudachotse chomwe chingasinthe tanthauzo, ndipo simudakometse. Munthu akayankhula mouma, musamupatse mwambi. Akayankhula mozungulira dala, musamuwongolere, chifukwa kuzungulirako nthawi zina ndiyo nkhani. Ndipo chiganizo chake chikakhala chopotana moti m'mphindi zomwe muli nazo simungachimasulire mosakaika, chotsani mitengero mulembe monga zoyankhula wina: wati chakutichakuti. Simutaya kanthu, ndipo mwanena zoona za ntchito yomwe mwagwira. Choletsedwa ndi njira yobwerera. Zomwe mtolankhani adafotokoza m'mawu ake, musazisandutse zoyankhula mwini pofuna kuti nkhani ikome.

Pali vuto lina lomwe ndi lathulathu kuno. Atsogoleri andale, mafumu ndi anthu a m'midzi amayankhula Chichewa pa misonkhano. Mtolankhani amatumiza nkhani m'Chingerezi, mawu aja atawamasulira kale. Kenako nkhaniyo imafika pa desiki ya Chichewa, n'kumasuliridwanso. Mayi woitanitsa katundu uja mwina adati, "Apa ndiye atimaliza, katundu sitimukwanitsanso." Atapita ku Chingerezi n'kubwerera, akhoza kutuluka akuti, "Izi zikhudza kwambiri bizinesi yathu chifukwa katundu akhala wokwera mtengo." Tanthauzo layandikira, koma si mawu ake, ndipo iye ndi onse omwe adalipo akudziwa. Pamene munthu adayankhula m'chiyankhulo chomwe mukulemberamo, chowiringula chakuti ndi zomasulira sichigwiranso ntchito. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: mfumu kapena mlimi akuyankhula Chingerezi chosalala m'nkhani yochokera pa msonkhano wa kumudzi. Imbirani mtolankhaniyo, mupemphe kilipu kapena zomwe adalemba m'kope. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Akapanda kuyankha, mawuwo alowe opanda mitengero.

Pa wailesi mitengero simveka n'komwe. Wowerenga nkhani akayamba ndi mawu a munthu n'kumalizira ndi dzina, monga zikhalira m'nyuzipepala, womvera amamva ngati ndi wailesiyo ikunena. Choncho pomasulira za pa wailesi, dzina ndi udindo zibwere poyamba, mawu pambuyo. N'chimodzimodzinso ndi mitu ya pa foni, yomwe anthu amaijambula n'kuitumiza yokha popanda nkhani yake. Mutu ukakhala ndemanga, mwini wake akhale pomwepo: "Mitengo ikwera sabata ino, atero amalonda".

Tikaphatikiza zonsezi, ndime zoyamba za buletini ya usiku wa pa 8 zikadamveka chonchi:

"Banki yaikulu ya Reserve yalengeza kuti kuyambira mawa Lachinayi, dola imodzi ya ku America izigulitsidwa pa K1,700 kuchoka pa K1,180. Izi zikutanthauza kuti mtengo wa dola wakwera ndi 44 peresenti. M'chikalata chomwe walembera mabanki, gavanala wa bankiyi, Wilson Banda, wati ndalama zakunja zomwe anthu akufuna ndi zochuluka kuposa zomwe zikupezeka, ndipo bankiyi ikufuna kuti mtengo wake ufanane ndi womwe uli pamsika."

Onani zomwe zasuntha ndi zomwe sizinasunthe. Matambala 29 achoka, chifukwa khutu silifuna matambala, ngakhale m'nyuzipepala akadatsala. Ziganizo zazitali za chikalata zadulidwa. Palibe mitengero, chifukwa chifukwa chomwe banki yapereka chafupikitsidwa. Koma wochita ndi banki, nthawi ndi mawa, 44 wamangidwa ku dola, ndipo chifukwacho chaperekedwa kwa mwini wake m'malo moimirira chokha ngati choonadi chosatsutsika.

Mphindi zitatu zomaliza zisakhale zosalaza Chichewa. Ikani nkhani ziwiri pambalimbali, mutsate mizere munadula ija umodziumodzi: nambala iyi ilipo, dzina ili lalembedwa bwino, udindo uwu ndi womwewo, mawu awa ali ndi mwini wake, "mwina" uja sanagwe. Samalani ndi miliyoni ndi biliyoni, komanso ndalama zakunja zomwe mwazitembenuza kukhala makwacha, chifukwa pa tsiku ngati limeneli mtengo womwe mudagwiritsa ntchito m'mawa ndi wakale pofika madzulo, ndipo muyenera kunena womwe mwawerengera. Kenako werengani mokweza kamodzi. Pomwe mpweya wakutherani pakati pa chiganizo, pali Chingerezi chomwe chatsalira, chidulenipo pawiri. Ngati pali mnzanu pafupi amene sadaone nkhani ya Chingerezi, muwerengereni ya Chichewa yokha, mumufunse kuti wanena zakutizakuti ndani. Akazengereza kapena akatchula munthu wina, bwererani pa ndime imeneyo muikepo dzina musanaitumize kwa mkonzi.